Momwe mungatulukire mu kontrakiti n'kulowetsamo munthu wina, osasiya dzina lanu pa mlandu

Ndinali ndi kontrakiti ya chaka chimodzi yoperekera nyemba ku sukulu ina yogonera konko, matumba 40 a makilogalamu 50 pa teremu iliyonse. Chaka chisanafike pakati ndinapeza ntchito ina yofuna nthawi yanga yonse, ndiye ndinaganiza zosiyira mlamu wanga. Ndinalemba kalata yoti kuyambira tsopano ndalama za nyemba azilandira ndi iyeyo, ndinakaipereka kwa ahedi, iwo anangoti "palibe vuto", ine n'kumati zatha. Patapita milungu itatu mlamu anapititsa matumba 15 a nyemba zofumbwa, ndipo kalata yodandaula inabwera kwa ine, osati kwa iye. Loya amene ndinakamuona anandiuza mosapita m'mbali kuti sukuluyo ikulondola.

Chimene ndinachita ine maloya amachitcha asainimenti. Pamenepo mumapatsa munthu wina phindu lanu la mu kontrakiti, monga ufulu wolandira malipiro, ndipo kawirikawiri mwini ntchito, amene munapangana naye kontrakitiyo, mumangomudziwitsa. Koma udindo susamuka. Lamulo la makontrakiti limene timatsatira kuno, lomwe tinatengera ku Mangalande, silikulolani kutula ngongole kapena ntchito yanu pamutu pa wina popanda chilolezo cha amene munamulonjeza, chifukwa iye anasankha inuyo. Noveshoni ndi ina: anthu atatu nonse mumagwirizana kuti kontrakiti yakale ithe, ibadwe yatsopano yofanana nayo pakati pa mwini ntchito ndi wolowayo, inu n'kumasuka. Teremu yotsatira ndinachita noveshoni yeniyeni ndi mayi wina amene amapikula nyemba ku Lizulu, ndipo ndondomeko yake ndi iyi.

Yambani mwawerenga kontrakiti yanu yakale. Funani ndime yonena za kupatsira wina ntchito. Makontrakiti ambiri amaletsa ngakhale asainimenti popanda chilolezo cholembedwa, ndipo makhoti amalemekeza chiletso chotere. Mlandu umene maloya amakonda kutchula ndi wa Linden Gardens, womwe unagamulidwa ku Mangalande mu 1993. Onaninso amene anasainira mbali ya mwini ntchito, chifukwa siginecha imene mukuifuna ndi ya munthu wa mphamvu zomwezo. Kwa ine anali wapampando wa bodi ya sukulu, osati ahedi amene ndinkacheza nawo tsiku ndi tsiku.

Kenako sankhani wolowa amene mwini ntchito angamuvomere, ndipo muyembekezere kuti adzamufufuza. Sukulu inafuna kuona satifiketi ya bizinesi ya mayi uja, nambala yake ya msonkho ya ku MRA, ndi thumba limodzi lachitsanzo. Ineyo ndinapita naye kokagula kuti ndione sikelo. Alipo mavenda amene thumba la 50 limafika ndi 46, pansi atathira nyemba zakale, pamwamba zatsopano. Pisani dzanja mpaka pakati pa thumba.

Tsopano gawo limene linandidyera ndalama. Mulembe chikalata chimodzi chokhala ndi mayina a anthu atatu, wotuluka, wolowa ndi mwini ntchito, chotchula kontrakiti yakale ndi tsiku limene inasainidwa. M'kati mwake muyenera kukhala malonjezo atatu. Wolowa alonjeze mwini ntchito kuti adzachita zonse za mu kontrakiti ngati kuti anasaina ndi iye. Mwini ntchito alonjeze kulipira wolowayo. Ndipo mwini ntchito anene momveka kuti wakumasulani. Chiganizo chathu chinali chotere: "Kuyambira tsiku la kusinthana, sukulu ikumasula wotuluka ku maudindo onse otsala a mu kontrakiti ndipo ikuvomera wolowa m'malo mwake." Mukawerenga pepala lanu n'kupeza kuti mawu omasulawa mulibe, kapena siginecha zilipo ziwiri zokha, dziwani kuti mudakali m'goli. "Palibe vuto" wapakamwa uja sanandithandize. Khoti likhoza kuona noveshoni kuchokera pa zochita za anthu ngakhale palibe pepala, koma muyenera kusonyeza kuti mwini ntchito anavomeradi kukumasulani, ndipo kungolandira katundu kwa munthu wina sikokwanira. Sukulu inati inkamuona mlamu ngati wotumidwa ndi ine. Ndinagula matumba 15 ena ndi ndalama za m'thumba mwanga, za mlamu tikukambirana mpaka lero.

Chikalatacho chitchule tsiku la kusinthana, ndipo chinene za m'mbuyo. Apa musadalire kukumbukira, khalani pansi ndi madelivale noti ndi malisiti. Teremu imeneyo thumba linali pa K120,000, matumba 40 kukhala K4,800,000. Pofika tsiku losinthana ndinali nditapereka matumba 25, omwe ndi K3,000,000, ndipo sukulu inali itandipatsiratu K2,000,000. Choncho tinalemba kuti K1,000,000 yotsala pa matumba 25 aja ndi yanga, pomwe matumba 15 otsala, a K1,800,000, pamodzi ndi teremu yachitatu yonse, ndi za mayi uja. Mukapanda kulemba, wowerengera ndalama wa sukulu sadziwa woti amulipire, ndiye salipira aliyense.

Funso lina ndi la zolakwika zakale. Matumba amene ndinapereka kale akadzapezeka ofumbwa mwezi wamawa, ayankhe ndani? Pali njira ziwiri. Wolowa akhoza kutenga zonse, zakale ndi zam'tsogolo, kapena kungotenga zam'tsogolo inu n'kutsala ndi zanu. Mayi uja anakana kusenza katundu amene sanamuone, ndipo sindimuimba mlandu, ndiye ndinatsala ndi udindo pa matumba anga 25. Mwini ntchito wochenjera amakonda njira yoyamba chifukwa amakhala ndi munthu mmodzi womuthamangira.

Ngati pali munthu kapena banki imene inakuikirani chikole kapena kukuimirani, muidziwitse. Chikolecho chinali cha kontrakiti yakale ndi dzina lanu, sichimutsatira wolowa chokha. Iye apeze chake, ndipo chanu muchitenge tsiku lomwelo, osati "sabata yamawa".

Za kulemba, kuli anthu otayipa makalata pafupi ndi makhoti ndi mapositi ofesi amene angakuchitireni motchipa, koma ambiri ali ndi fomu imodzi yomwe amangosintha mayina, ndipo yomwe anandionetsa ine inali asainimenti yokhala ndi mutu wa noveshoni. Lembani nokha zimene mwagwirizana, loya angokonza ndi kuona. Mtengo wake umatsika kusiyana ndi kumuyambitsa papepala loyera, ndipo mufunsiretu musanakhale pampando. Mumufunsenso ngati chikalatacho chikufunika sitampa ya msonkho.

Zotsalazo n'zachangu. Sainani nonse atatu pamaso pa mboni, makope atatu, aliyense atenge yake yeniyeni osati fotokope, ndipo kope ya kontrakiti yakale muimate kumbuyo. Wolowa apereke nambala yake ya akaunti ku ofesi yolipira. Akukhitchini ndi osunga sitolo muwauze ndinu, kuti tsiku lobweretsa nyemba asamubweze pageti.