Tiyi wochepetsa thupi ndi kuthawa nsima: zimene ndikuona kwa amayi oyamwitsa chilimwe chino

Chiyambireni kutentha kwa chaka chino, ndikamayendera makomo ku Chawama, Kanyama ndi Mtendere mu Lusaka muno ndikupeza chinthu chimodzi chikubwerezabwereza. Mwana ali ndi masabata atatu kapena anayi, mchombo wangouma kumene, koma pa shelefu ya amake pali kale kapaketi ka tiyi wochepetsa thupi. Ukafunsa kuti masana mwadya chiyani, akuti "ndamwa tiyi basi, nsima ndinasiya." Mimba yamangidwa ndi chitenje mpaka munthu kupuma movutikira. Chifukwa chake sichisintha: kuli khitchini pate ya msuweni mwezi wamawa, telala anasoka kale diresi, kapena bambo a mwana ananena mawu ena ake okhudza mimba. Zimenezi zikundiwawa kwambiri, chifukwa ndikuona kumene zikuthera.

Tiyi ambiri amene akugulitsidwa m'misika ndi pa foni ali ndi mankhwala otsekula m'mimba, kawirikawiri masamba a sena, ndipo ena amakodzetsa. Sasungunula mafuta ayi. Amangotulutsa madzi ndi chakudya chimene chinali m'matumbo. Mayi akakwera sikelo patatha sabata napeza kuti watsika makilogalamu 2, amasangalala, koma zimene zachokazo ndi madzi, ndipo akangosiya tiyiyo zibwerera m'masiku ochepa. Tsono taganizani: mkaka wa m'mawere pafupifupi wonse ndi madzi, ndipo mwana woyamwa mwakathithi amatenga mkaka wokwana mamililita 750 kapena kuposa tsiku lililonse. Mayi ameneyu akutaya madzi ku bere, akutaya m'thukuta la Okutobala, akutayanso kuchimbudzi kanayi pa tsiku. Thupi lake lipirira masiku angati?

Ndinakumana ndi mayi wina ku Chawama, wa zaka 26, mwana wake woyamba. Asanatenge pakati ankalemera makilogalamu 62. Pofika mwezi wobereka anali pa 74. Pobereka penipeni amayi ambiri amatsika makilogalamu 5 kapena 6, chifukwa mwana watuluka, nsengwa yatuluka, madzi atuluka, ndipo iyenso patatha sabata anali pa 68. Zotsala zinali 6 zokha. Mwana ali ndi masabata atatu iye anayamba tiyi, m'mawa ndi madzulo, nasiya nsima ya masana, usiku n'kumadya kamtanda kamodzi ndi repu. M'masiku 10 sikelo inaonetsa 65. Tsiku limene ndinafika ndinamupeza atakhala pa khonde, milomo youma, m'kati mwa zikope mwayera mbee, akuti akadzuka msanga amaona mdima. Mwana anali kumsana kwa mng'ono wake akulira kosalekeza. Nditatsegula khadi ya sikelo, mzere umene unayenera kukwera unali utagona. Mwana wa msinkhu umenewo amayenera kuwonjeza magalamu pafupifupi 150 mpaka 200 pa sabata, koma uyu m'masabata awiri anali atangowonjeza pang'ono chabe. Matewera onyowa anali atatu pa tsiku, mkodzo wachikasu kwambiri, pamene tiyenera kuona asanu ndi limodzi kapena kuposa.

Apa ndifotokoze bwino, chifukwa ena amandimva molakwika. Mayi akaphonya chakudya tsiku limodzi mkaka suuma. Thupi la mayi limaika mwana patsogolo, limachotsa m'nkhokwe za mayiyo n'kupanga mkaka, ndiye woyamba kuvutika ndi mayi. Wataya kale magazi pobereka, ndipo sakudya nyemba kapena kapenta zoti ziwabwezeretse. Kufooka kukamugwira amayamba kuyamwitsa mwachidule, usiku amalephera kudzuka, mwana amapatsidwa kwa mng'ono wake kuti amutonthoze. Bere limapanga mkaka molingana ndi mmene likuyamwidwira. Likayamwidwa pang'ono limapanganso pang'ono. Njala yaikulu ija ndi kuchepa kwa kuyamwitsa zikakumana, mkaka umatsikadi.

Ndiye pamabwera mawu amene ndatopa nawo: "mkaka wake ndi wochepa, mwanayu mupatseni phala." Apongozi amanena, aneba amavomereza, mwana wa masabata asanu n'kumwetsedwa phala lamadzimadzi ndi sipuni. Zaka zonsezi takhala tikuphunzitsa kusikelo kuti miyezi 6 yoyamba ndi bere lokha, popanda ngakhale madzi, koma anthu amagwedeza mutu pabenchi, akafika kunyumba n'kuchita za makedzana. Madzi a m'makomboni mwathu mukuwadziwa, ndipo Lusaka kolera timaidziwa, ya mu 2017 mpaka 2018 ndi ina ija ya mu 2023 mpaka 2024. Mwana akayamba phala kapena botolo pa msinkhu umenewu, kutsekula m'mimba kuli pakhomo. Amene ali ndi kandalama amathamangira mkaka wa m'chitini, chitini chosatha ngakhale sabata, mwezi ndi mwezi. Ndalama imene inapita pa tiyi uja ikanagula mazira ndi nsinjiro zodya mayi masiku angapo.

Tsiku limene ndinafika kwa mayi wa ku Chawama uja, bambo ake omubereka anali atabwera kuchokera ku Chongwe kumene amalima ndi kuweta, atanyamula thumba la mtedza ndi nkhuku imodzi kudzaona mdzukulu. Anamvetsera zonse ali chete pa mpando, chipewa pa bondo. Kenako anati, "A alangizi, ine za anthu sindidziwa, koma ndiloleni ndinene za ng'ombe." Anafotokoza kuti chaka cha chilala chija madeya atakwera mtengo, anachepetsa chakudya cha ng'ombe yake imene inali itangobereka. Masabata awiri oyamba inapitiriza kutulutsa mkaka ngati kale, iwo n'kumaganiza kuti apulumutsa ndalama. Sabata lachitatu nthiti zinayamba kuwerengeka, mkaka unagwa, kamwana kake n'kumangolira kukhola. Atabwezera madeya, mkaka sunabwerere tsiku lomwelo, panapita nthawi. Anapitiriza ndi nkhani ya mavenda amene amabwera kudzagula mbuzi motchipa chaka cha njala, ndipo tinachedwa nayo ndithu, koma pomaliza anatembenukira kwa mwana wawo nati, "Amake mwana, nkhukuyi ndabweretsera iwe, osati alendo." Mwana wawo anayankha motsitsa mawu, "Ndamva, atate."

Chimene chimandipweteka n'chakuti mayiyu anali ndi njira yochepetsera thupi m'manja mwake kale. Kupanga mkaka kumadya makalori pafupifupi 500 pa tsiku. Mafuta amene thupi linasunga m'chiuno ndi m'ntchafu nthawi ya pakati linasungira ntchito imeneyi. Makalori 500 pa masiku 7 ndi 3,500, ndipo amenewo ndi pafupifupi theka la kilogalamu ya mafuta. Liwiro loyenera ndi lomwelo: theka la kilogalamu pa sabata, makilogalamu 2 pa mwezi, osapitirira. Pa liwiro limeneli mkaka sutsika ndipo mwana amakula bwinobwino. Mayi wa ku Chawama uja akanadikira mpaka mwana akwanitse miyezi iwiri, makilogalamu 6 aja akanatha m'masabata 12 kapena kuposerapo pang'ono, mwana ali ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, iye akudya nsima yake katatu kapena kawiri pa tsiku. Kwa amayi ena zimatenga chaka, ndipo ena thupi limagwiririra makilogalamu awiri omaliza mpaka mwana atasiya bere. Zimenezo si matenda.

Komanso mimba imene mukuiona m'masabata oyamba si mafuta okha. Chiberekero chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi mwana akangobadwa, ndipo chimatenga masabata 6 kuti chibwerere mwakale. Minofu ya pamimba inatambasuka, ndipo kwa ambiri imalekana pakati. Gonani chagada, pindani mawondo, dzutsani mutu pang'ono, ikani zala pamwamba pa mchombo. Ngati zala ziwiri kapena zitatu zikulowa mu mpata, minofu sinalumikizane, ndipo masewera aja odzuka ndi kugona mobwerezabwereza angoitukumula kwambiri. Chitenje chomanga mopepuka chimathandiza ena kumva kuti msana wagwira, sindikuletsa. Koma kukoka mfundo anthu awiri ngati mukumanga thumba la makala sikuchotsa mafuta, kumakankhira zam'mimba pansi pamene pali pofooka kale, ndipo kwa mayi wa opaleshoni kumavutitsa bala.

Tsono muchite chiyani? Masabata 6 mpaka 8 oyamba musachepetse kalikonse. Idyani, imwani mapilitsi a magazi amene anakupatsani, ndipo mukapita kukiliniki pa masabata 6 funsani anamwino ngati mungayambe. Mukayamba, nsima isachoke, ingochepetsani pang'ono: amene amadya mitanda itatu adye iwiri, ya mgaiwa ngati ilipo, mbale idzaze ndi chibwabwa, kalembula kapena repu, pambali nyemba, kapenta, dzira kapena ndiwo zotendera. Mayi woyamwitsa asatsike pansi pa makalori 1,800 pa tsiku, ndiye kuti chakudya katatu ndi kena kake pakati, monga nthochi kapena mtedza wodzaza dzanja. Zochotsa zili kwina. Botolo la chakumwa chozizira la mamililita 500 lili ndi shuga wokwana timasipuni 12 kapena kuposa, makalori pafupifupi 200. Sipuni yaikulu imodzi ya saladi wophikira ndi makalori 120, ndipo ambirife timathira osayeza. Onjezani vitumbuwa viwiri va m'mawa ndi shuga wa m'tiyi, mwapeza kale pochepetsa osakhudza ndiwo. Madzi owiritsa kapena othira klorini akhale pambali panu, kapu imodzi nthawi iliyonse mukuyamwitsa. Yendani m'mawa kusanatenthe, mphindi 10 poyamba, kenako kufika 30. Kwerani sikelo kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse.

Mukaona kuti mukutsika kuposa kilogalamu imodzi pa sabata, mukuchita chizungulire, magazi ayambiranso kutuluka ofiira, matewera onyowa achepa kapena mzere wa pa khadi wagona, bwezerani mtanda uja lero lomwe, yamwitsani pafupipafupi usana ndi usiku, ndipo mawa lake pitani kukiliniki ndi mwana. Paketi ya tiyi ija mupite nayo, anamwino akaone zimene zalembedwa kumbuyo kwake.