Uthenga wa Zovala pa Ukwati

"Ukwati wathu uli ku Kasungu, tikufuna alendo avale zachikhalidwe koma zooneka bwino. Tiwalembere bwanji?"

Choyamba, tchulani zovalazo, chifukwa mukangoti "zachikhalidwe" wina adzangomangirira chitenje chachipani kapena chatchalitchi. Kenako tchulani mtundu. Lembani chonchi:

"Amayi, tikupempha muvale chilundu kapena diresi yachitenje, ndi duku ngati mukufuna. Abambo, malaya achitenje, buluku lakuda ndi nsapato zotseka. Mtundu ndi wobiriwira. Zoyera tisiyire mkwatibwi."

Mukasankha nsalu imodzi, tumizani chithunzi chake pa WhatsApp, ndipo nenani kuti chilundu chimadya mamita 6, malaya 2.

Uthengawu upite kudakali mwezi wathunthu, poti atelala a pa boma amachulukidwa ntchito nyengo ya maukwati. Pomaliza onjezani kuti amene sangathe kusoketsa abwere ndi chimene ali nacho, chochapa ndi chosita. Agogo akumudzi asalephere kubwera chifukwa cha nsalu.