Momwe mungadzazire mipata m'ziganizo za good at, interested in ndi apologise for

Pa mayeso a Chingerezi, kuphatikizapo a JCE ndi MSCE, pamabwera mafunso amene amafuna kuti wophunzira adzaze kapena asankhe mawu osoweka m'chiganizo, ndipo ambiri amataya malikisi pamene mperekezi watsatana ndi mneni. Lamulo lake silisintha: mneni wobwera pambuyo pa mperekezi monga at, in, for, of, on kapena from amathera ndi -ing. Ntchito yeniyeni ndi kudziwa mperekezi woyenera, ndipo yankho lake limakhala kumanzere kwa mpata.

Choyamba, werengani chiganizo chonse mpaka kumapeto, kenako lembani mzere kunsi kwa mawu amene ali kumanzere kwa mpata, chifukwa mawu amenewo ndiwo amasankha mperekezi. Tiyeni titenge chiganizo ichi, chimene mneni woperekedwa ndi *swim*:

*My brother is good ____ ____ in the lake.*

Kumanzere kwa mpata kuli *good*, ndipo chiganizochi chikukamba za luso la munthu, choncho mperekezi ndi *at*. Apa mpofunika kusamala, pakuti *good* amayendanso ndi *for* pamene tikunena za phindu la chinthu, monga mu *Milk is good for children*. Dzifunseni ngati chiganizo chikunena za luso kapena za phindu musanalembe kanthu.

Chachiwiri, onjezerani -ing kwa mneni, koma yang'anani kalembedwe kake. *Swim* amakhala *swimming* wokhala ndi m awiri, monganso *run* amakhala *running* ndipo *begin* amakhala *beginning*. Mneni wothera ndi e wosamveka amataya e ameneyo, motero *write* amakhala *writing*, pamene *lie* amasanduka *lying*. Yankho lathu lonse ndi *good at swimming*. Wophunzira akalemba *swiming* amataya malikisi ngakhale anapeza mperekezi molondola, zomwe zimamvetsa chisoni chifukwa gawo lovuta anali atalidutsa kale.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kulemba *to* pamodzi ndi mneni wosasintha, monga *good to swim* kapena *interested to learn French*. Gwero lake ndi lakuti m'Chichewa timati amadziwa kusambira, ndipo wophunzira anazolowera kuti ku- ameneyu amafanana ndi *to* nthawi zonse. Pokamba za chinthu chimene munthu ali nacho chidwi chochita, lembani *interested in learning French*. Zoona, Chingerezi chimalola *interested to hear* pamene munthu akunena za nkhani imene wamva kapena akufuna kumva, koma ngati funso lakupatsani mipata iwiri pambuyo pa *interested*, kapena *in* ali pakati pa mayankho, yankho lofunidwa kawirikawiri ndi *in* ndi mneni wa -ing.

*Apologise* amafuna kuti tikhalepo pang'ono, chifukwa amatenga aperekezi awiri malinga ndi chimene chikutsatira. Munthu wopepesedwa amatsogozedwa ndi *to*, pamene cholakwa chimatsogozedwa ndi *for*. Onani chiganizo ichi, chimene mneni wake ndi *come* ndipo chikufuna kukana:

*She apologised ____ the teacher ____ ____ ____ to class.*

Mpata woyamba watsatiridwa ndi *the teacher*, amene ndi munthu, choncho pakhala *to*. Mpata wachiwiri ukuyamba chifukwa chopepesera, ndiye pakhala *for*. Mawu okanira *not* amakhala pakati pa mperekezi ndi mneni, ndipo *come* amataya e wake. Chiganizo chonse ndi *She apologised to the teacher for not coming to class*. Chimodzimodzi mu *accuse him of stealing*, *prevent her from leaving* ndi *thank them for helping*, munthu amalowa pakati, kotero mawu osankha mperekezi sakhala pafupi ndi mpata ndipo muyenera kubwerera m'mbuyo mpaka mutapeza mneni wamkulu.

Chomaliza ndi kuyesa *to* aliyense amene mwakumana naye kumanzere kwa mpata, chifukwa nthawi zina iyenso ndi mperekezi. Ikani dzina pamalo a mneni ndi kumva ngati chiganizo chikumveka. Timatha kunena *I look forward to the holiday*, zomwe zikusonyeza kuti *to* ameneyu ndi mperekezi, choncho tilemba *I look forward to seeing you*. Sitinganene *I want to the holiday*, ndiye pambuyo pa *want to* mneni amakhala wosasintha. Njira yomweyi imasiyanitsa *I am used to waking early*, kutanthauza kuti ndinazolowera kudzuka m'mamawa, ndi *I used to wake early*, kutanthauza kuti ndinkadzuka m'mamawa kale koma pano ndinasiya.