Momwe mungayesere wofuna ntchito amene sanagwirepo koma amagwira zinthu msanga

Mukalengeza kuti mukufuna wothandiza m'sitolo muno mu Lusaka, makalata amabwera ambiri, ndipo ochuluka amakhala a achinyamata amene anamaliza giredi 12 koma sanalembedwepo ntchito kulikonse. Aliyense amalemba kuti amaphunzira msanga. Kulemba zimenezo n'kosavuta, ndipo pa mafunso a ntchito simungadziwe ngati n'zoona, chifukwa amene amamveka bwino pamenepo ndi wodziwa kulankhula. Ine ndimagulitsa simenti, malata, misomali ndi mapaipi ku Kamwala, ndipo kwa zaka zingapo tsopano sindifunsanso munthu ngati amaphunzira msanga. Ndimamuphunzitsa kanthu kamodzi, ndimamuyesa, ndimamuwongolera, kenako ndimamuyesanso patapita masiku awiri. Chimene ndimayang'ana ndi kusiyana kwa ulendo woyamba ndi wachiwiri.

Njirayi sindinaiyambe ine. Mu 1998, akatswiri awiri a ku America, Frank Schmidt ndi John Hunter, atasonkhanitsa kafukufuku wa zaka zambiri, anaonetsa kuti kumupatsa munthu kachigawo ka ntchito yeniyeni kumalosera bwino momwe adzagwirire kusiyana ndi kungowerenga zaka zimene wakhala pa ntchito. Chimene ndimawonjezera n'chakuti kwa munthu watsopano, kachigawoko muyenera kuyamba mwamuphunzitsa, apo ayi mukumuyesa pa zimene sanazionepo.

Sankhani kanthu kamodzi kamene kamasokoneza anthu pa ntchito yanu

Musasankhe chinthu chophweka ngati kuwerenga chenji, komanso musasankhe chofuna mwezi wathunthu. Kakhale kanthu kofotokozeka m'mphindi 20, kokhala ndi lamulo limodzi limene anthu amakonda kuliphonya. M'sitolo mwanga kanthu kameneka ndi khadi la katundu, makamaka nkhani ya katundu amene kasitomala walipira koma sanatenge yense. Omanga nyumba amachita zimenezi kawirikawiri: munthu amalipira matumba 40 a simenti lero poopa kukwera kwa mtengo, n'kutenga 25 okha chifukwa kumene akumanga kulibe posunga. Lamulo langa n'lakuti khadi lizionetsa zinthu zitatu: matumba amene ali m'nyumba yosungira, amene ali ndi mwini wake kale, ndi amene tingagulitse. Timachotsera okhawo amene atuluka pakhomo.

Wa malo odyera angasankhe kalembedwe ka maoda, wa buthu ya ndalama za pafoni angasankhe kufananitsa ndalama za m'manja ndi za mufoni madzulo. Chofunika n'chakuti kakhale kanthu kamene munthuyo akadzalembedwa azidzakumana nako sabata iliyonse.

Phunzitsani onse mofanana, m'chilankhulo chimene amamva

Muzikhala ndi chitsanzo chimodzi cholembedwa kale, ndipo onse muziwauza mawu ofanana pa nthawi yofanana. Izi n'zovuta kuposa mmene zikumvekera, chifukwa munthu amene wakusangalatsani mumamufotokozera mofatsa osadziwa, pamene winayo mumangomuthamangitsa. Ngati munthu amamva bwino Chinyanja kapena Chibemba, fotokozani m'chimenecho. Mukufuna kuyesa mutu wake, ndipo Chingelezi chikhoza kukubisirani munthu wanzeru amene anaphunzira pa sukulu yosowa mabuku.

Mpatseni pepala ndi cholembera, koma musamuuze kuti alembe. Ingoonani. Muuzeninso momveka kuti ndi womasuka kufunsa, chifukwa ana ambiri analeredwa kuti kufunsafunsa wamkulu ndi mwano, ndipo amangoti "inde bwana" ngakhale sanamve. Kukhala chete kwa mwana woteroyo sikuti mutu ndi wouma.

Muyeseni, ndipo yembekezerani kuti alakwitsa

Ndikuuzeni za anthu awiri amene ndinawayesa sabata imodzi. Woyamba anali mnyamata wa ku Matero amene anagwirapo zaka zitatu m'sitolo ina ya zomangira. Wachiwiri anali mtsikana wa ku Kanyama amene ntchito yokha imene ankaidziwa inali kuthandiza azakhali ake kugulitsa tomato ku msika wa Soweto. Onse ndinawapatsa pepala lofanana. M'mawa muli matumba 120. Galimoto yabweretsa 200. Lisiti yoyamba ndi ya matumba 35, onse atengedwa. Yachiwiri ndi ya matumba 40, koma atengedwa 25. Yankho lolondola n'lakuti m'nyumba yosungira mwatsala 260, mwa amenewo 15 ali ndi mwini wake, ndipo ogulitsa ndi 245.

Mnyamatayo anamaliza m'mphindi zitatu. Analemba 245 basi, atachotsera 40 onse monga ankachitira kumene anachokera. Mtsikanayo anatenga mphindi pafupifupi khumi, anapeza 260, koma anaiwala kulemba 15 aja pamalo pake. Ndikanati ndiweruze tsiku lomwelo, ndikanatenga mnyamatayo, chifukwa anali wachangu ndipo mayina a katundu ankawadziwa onse.

Muwongolereni kamodzi, n'kumvetsera zimene akuyankha

Apa m'pamene pali nkhani yonse, choncho musafulumire. Musamupatse yankho. Muuzeni chabe kuti, "Tikapita kukawerenga matumba pompano, tikapeza angati? Nanga khadi lako likuti angati?" Kenako khalani chete.

Mnyamata uja anayankha kuti, "Bwana, n'chimodzimodzi, kumene ndinali timachita choncho." Sanali wamwano, ndipo nambala yake ya 245 inali yoona pa mbali imodzi. Koma sanayang'anenso pepala lake. Mtsikanayo anayang'ana kwa kanthawi, n'kunena kuti, "Ndiye kuti munthu wina akabwera kudzagula 250, ndikhoza kumugulitsa simenti ya eni ake." Chimenecho sindinamuuze ine. Anaona yekha chifukwa chimene lamulolo linaikidwira, ndipo munthu amene wamva chifukwa cha lamulo saliiwala msanga ngati amene wangoliloweza. Anafunsanso kuti matumba ong'ambika amalembedwa pati, funso limene chitsanzo changa sichinakhudze n'komwe.

Samalani ndi amene amavomera mwachangu kwambiri. Wina amati "ndamva, ndamva" musanamalize, ndipo pepala amalikonza bwinobwino chifukwa wangokopera mawu anu. Kuti mumudziwe, mupempheni akufotokozereni lamulolo m'mawu ake, ngati kuti akuphunzitsa mnzake watsopano.

Abwerenso patapita masiku awiri, musinthe katundu

Kuyesa tsiku lomwelo kumangoonetsa zimene zikadali m'khutu. Masiku awiri amaonetsa zimene zakhazikika. Mpatseni ndalama ya basi yopita ndi kubwerera, chifukwa munthu wosagwira ntchito akhoza kulephera kubwera chifukwa cha thiransipoti chabe, inu n'kumaganiza kuti alibe chidwi. Ndipo musamugwiritse ntchito ya m'sitolo yaulere ponamizira mayeso. Zonse zithere pa pepala, pasanathe ola.

Ulendo wachiwiri lamulo likhale lomwelo koma nkhani isinthe, ndipo muikemo kamsampha kamodzi kamene simunaphunzitse. Ine ndinawapatsa malata. Alipo 80. Kasitomala walipira 30, watenga 12. Masana wabweranso n'kutenga ena 10. Zolondola n'zakuti otsala m'nyumba ndi 58, a kasitomalayo ndi 8, ogulitsa ndi 50.

Mnyamatayo anabwerera ku chizolowezi chake. Anachotsera 30 m'mawa, n'kupeza 50, kenako anachotseranso 10 a masana, n'kulemba 40. Khadi likuti 40, m'nyumba muli 58. Malata 18 osaoneka m'buku ndi amene amatuluka usiku popanda wodziwa, kapena amene amayambitsa kuganizirana kuba pakati pa antchito osalakwa. Mtsikanayo analemba 58, 8 ndi 50. Anali wochedwabe, koma asanayambe anafunsa ngati malata onsewo ndi a utali umodzi, poti akasiyana afunika makhadi awiri. Anatulutsanso kapepala kamene analemba tsiku loyamba lija.

Sindikunena kuti wodziwa ntchito kale ndi woipa. Ambiri amasintha bwino akawongoleredwa, ndipo woteroyo mutengeni mosakayika, chifukwa ali ndi zonse ziwiri. Ndikungonena kuti zaka zitatu za mnyamatayu sizinandiuze ngati angasiye njira yakale, pamene mapepala awiri anandiuza.

Lembani zimene mwaona musanakambirane ndi wina

Munthu akangotuluka, lembani mayankho a mafunso anayi: kodi cholakwa cha tsiku loyamba chabwereranso, kodi wagwiritsa ntchito lamulo pa katundu watsopano, kodi anafunsa funso lopitirira chitsanzo, ndipo kodi anachita chiyani atauzidwa kuti walakwitsa. Ngati oyesa muli awiri, aliyense alembe payekha musanaonetsane. Izi zimathandizanso pa vuto limene tonse timalidziwa, la mwana wa m'bale kapena wa kutchalitchi amene mwapemphedwa kuti mumuganizire. Ayesedwe ngati anzake, ndipo mukakhala ndi pepala lake m'manja, kuwayankha akuluakulu amene anamutuma sikuvuta kwambiri.

Funso limodzi lapakamwa limene ndimalisungabe ndi ili: "Ndiuze chinthu chimene unadziphunzitsa wekha, ndipo unayamba bwanji?" Ndimafunsa mpaka pansi, kuti anakakamira pati, anafunsa ndani, zinatenga nthawi yaitali bwanji. Wonama amathera m'mawu ozungulira. Mtsikana uja anafotokoza mmene anaphunzirira kusiyanitsa ndalama ya mpamba ndi phindu, atawononga mpamba wa azakhali ake kamodzi.

Zimene mayesowa sangakuuzeni

Sangakuuzeni ngati munthu ndi wokhulupirika pa ndalama, ngati adzafika 7 koloko m'nyengo yamvula, kapena ngati adzapirira kasitomala waukali. Sangalowenso m'malo mwa mapepala pa ntchito zimene lamulo limafuna chiphaso, monga kuyendetsa galimoto. Muganizirenso mbali yanu: wophunzira msanga amafunikabe womuphunzitsa. Ngati m'sitolo mulibe munthu woti akhale naye masabata oyambirira, mudzamulemba n'kumusiya yekha, kenako n'kumamunena kuti ndi wolephera.

Zotsalazo zimaonekera pa nthawi yoyesedwa, imene ambiri timati pulobeshoni. Lamulo la zantchito la Zambia la mu 2019 limalola miyezi yosapitirira itatu, ndipo ikhoza kuwonjezeredwa ndi ina yosapitirira itatu. Limafunanso kuti wolemba ntchito aunike kagwiridwe ka munthuyo n'kumuuza zotsatira nthawiyo isanathe. Nthawi imeneyi ndi ntchito yeniyeni, malipiro ndi zopereka za penshoni za ku NAPSA ziziyenda. Lembani pa tsiku loyamba zimene ayenera kudziwa pakutha kwa mwezi uliwonse. Kwa mtsikana wa ku Kanyama ndinalemba kuti mwezi woyamba akhale pa makhadi a simenti ndi malata, wachiwiri aphunzire masaizi a mapaipi ndi misomali, wachitatu aime yekha pa kauntala Loweruka. Lachisanu lililonse tinkawerenga matumba limodzi n'kufananitsa ndi khadi lake. Sabata yachitatu panasowa matumba awiri, ndipo anawapeza yekha pa lisiti imene ine ndinalemba koma osaipereka kwa iye.