Momwe mungaimitsire sitopu oda kapena cheke ku banki ndalama zisanatuluke

Ambiri a ife kuno ku Harare tili ndi ndalama zimene zimachoka zokha mu akaunti mwezi ndi mwezi: lendi, fizi ya ana, ndalama ya bungwe la maliro, kapena kangachepe kopita kwa amayi. Tinasaina fomu kamodzi kalekale ndipo banki imangopitiriza kulipira. Tsiku limene mukufuna kuti isiye, sikokwanira kuuza wolandira ndalamayo, ndiponso sikokwanira kudandaula pa kauntala. Banki imasiya kulipira pokhapokha italandira lamulo lanu lolembedwa, lokhala ndi tsatanetsatane yense, n'kulilowetsa mu kompyuta tsiku lolipira lisanafike. Zotsatirazi zikuthandizani kuti zimenezi zichitike nthawi ikadalipo.

Tiyerekeze kuti mumachita lendi ku Mufakose ndipo pa 27 mwezi uliwonse banki imatumiza madola 180 kwa eni nyumba kuchokera mu akaunti yanu ya madola, ya nositiro, kulipirira mwezi wotsatira. Mwapereka notisi, ndipo kumapeto kwa Disembala mukusamukira ku Budiriro. Mukapanda kuchitapo kanthu, pa 27 Disembala ndalama ya Januwale ipita kwa munthu amene simukhalanso m'nyumba mwake, pomwe kwatsopanoko akudikira dipoziti.

Choyamba, dziwani amene amayambitsa malipirowo

Musanakwere kombi kupita m'tauni, tengani sitetimenti ya mwezi watha kapena tsegulani apu ya banki, muone mzere wa ndalamayo. Apa m'pamene ambiri amatayira tsiku lonse pachabe, chifukwa pamsewu zonse timangozitcha sitopu oda pomwe zili mitundu itatu yosiyana.

Mtundu woyamba ndi uja munalamula nokha banki kuti izitumiza ndalama zakutizakuti kwa uje pa tsiku lakuti. Pa sitetimenti kawirikawiri pamalembedwa `standing order` kapena `stop order`. Umenewu uli m'manja mwanu kotheratu, ndipo lendi ya chitsanzo chathu ili m'gulu limeneli.

Wachiwiri ndi uja munapatsa kampani chilolezo choti izidzitengera yokha, monga ya inshuwalansi kapena sitolo imene munatengako mipando pa ngongole. Pamalembedwa `debit order` kapena `direct debit`. Apa kampani ndiyo imatumiza pempho ku banki mwezi uliwonse, choncho muyenera kulembera mbali ziwiri: kampaniyo kuti isiye kupempha, ndi banki kuti isalipire pempho likafika. Mukalembera banki yokha, kampani imangoona ngati mwalephera kulipira.

Wachitatu sufika n'komwe ku banki. Ndalama imadulidwa pa malipiro anu asanalowe mu akaunti. Aphunzitsi, manesi ndi ena ogwira ntchito m'boma amazidziwa bwino izi, chifukwa zimadulidwa kudzera ku SSB, ofesi yokonza malipiro a ogwira ntchito m'boma. Chizindikiro chake n'chapafupi: ndalamayo imaoneka pa peyisilipi koma pa sitetimenti ya banki palibe. Ngati ndi choncho, wogwira ntchito ku banki sangakuthandizeni ngakhale atafunitsitsa. Yambirani kwa amene amalandira ndalamayo ndi ku ofesi yoona za malipiro kuntchito kwanu.

Chachiwiri, werengani masiku ogwira ntchito chobwerera m'mbuyo

Sitopu oda sailipira munthu pamanja. Kompyuta ndiyo imaitulutsa yokha tsiku likakwana, nthawi zambiri nthambi isanatsegulidwe n'komwe. Mukafika pa 27 m'mawa, ngakhale mukhale woyamba pamzere, mwina mupeza ndalama itapita kale.

Disembala ndi woipa pa nkhani imeneyi. Pa 22 ndi tchuthi cha Tsiku la Umodzi, pa 25 ndi pa 26 ndi Khirisimasi ndi tsiku lotsatira lake, ndipo nthawi zambiri pakati pomwepo pamagwanso Loweruka kapena Lamlungu. Amene akuganiza kuti pa 21 watsala ndi sabata yathunthu angapeze kuti masiku ogwira ntchito atsala awiri kapena atatu okha. Fomu imene mwasiya pa kauntala imadutsa m'manja mwa amene amatsimikiza siginecha, kenako kwa amene amailowetsa mu kompyuta, ndipo m'mabanki ambiri wina amayenera kuvomerezanso. Ine ndimalangiza kuti mupite kudakali sabata ziwiri, cha m'ma 10 kapena 12 mwezi umenewo. Funsaninso kuti banki yanu imatani tsiku lolipira likagwa pa tchuthi, chifukwa ena amalipira tsiku logwira ntchito lotsatira pomwe ena amalipiriratu tchuthi chisanayambe.

Chachitatu, lembani kalata yosasiya mpata wolakwitsa

Nyamulani chitupa kapena pasipoti, khadi ya banki ndi sitetimenti ija. Mabanki ambiri ali ndi fomu yawoyawo, koma ndi bwino kupitanso ndi kalata yanu ya Chingerezi, makope awiri. M'kalatamo mukhale dzina lanu monga lilili ku banki, nambala ya akaunti imene ndalama imachokera, dzina ndi nambala ya akaunti ya wolandira, kuchuluka kwa ndalama, tsiku limene imachoka, ndi nambala yozindikiritsa imene ili pa mzere wake mu sitetimenti.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupemphani kuti muzisamale kwambiri. Chimodzi ndi mtundu wa ndalama. Chiyambireni ZiG mu Epulo 2024, ambiri tili ndi akaunti ya ZiG ndi ina ya madola ku banki imodzimodzi, nambala zake zofanana pang'ono. Mukalemba nambala ya akaunti ya ZiG pomwe lendi imachoka ku nositiro, wofufuza sapeza kanthu koimitsa, ndipo pofika nthawi yoti akuimbireni foni tsiku limakhala litadutsa.

China ndi kunena poyera tsiku limene malipiro athere. Mu chitsanzo chathu lembani kuti malipiro otsiriza anali a pa 27 Novembala, ndipo a pa 27 Disembala ndi ena onse otsatira asalipidwe. Mukangolemba kuti aimitse kumapeto kwa Disembala, wowerenga angamve kuti ya pa 27 ipite kaye. Nenaninso ngati mukuthetseratu kapena mukungodumphitsa mwezi umodzi, chifukwa kumene amalola kudumphitsa, mwezi wotsatira ndalama imayambiranso kuchoka yokha.

Sainani monga munasainira potsegula akaunti. Ngati ndi akaunti ya mpingo, ya mzikiti kapena ya bungwe lathu la maliro, imene imafuna anthu awiri osainira, pitani nonse awiri kapena onetsetsani kuti onse asaina kalatayo. Msungichuma yekha akhoza kubwezedwa.

Chachinayi, musachoke opanda chidindo

Kope imodzi isiyeni, inayo aidinde chidindo chokhala ndi deti ndipo wolandirayo asainepo. Funsani funso limodzi lomveka bwino: “Kodi malipiro a pa 27 Disembala aimitsidwa, ndipo ndingaone liti kuti zalowa?” Funsaninso ngati pali ndalama imene amadula pa ntchitoyi, kuti isadzakudzidzimutseni. Kapepala kodindidwako kasungeni pamodzi ndi makhadi a kuchipatala ndi zitupa, ndipo kajambuleni pa foni. Banki ikadzalipira italandira kale lamulo lanu nthawi yabwino, kapepala kameneka ndiko kadzakupatseni mphamvu yofunsa kuti akubwezereni. Popanda iko zimangokhala mawu anu kutsutsana ndi mawu awo.

Ngati munakhazikitsa nokha sitopu oda pa apu kapena pa intaneti, nthawi zambiri mukhoza kuichotsa komweko, pa mndandanda wa malipiro obwerezabwereza. Mukatero jambulani sikirini yosonyeza kuti yachotsedwa. Pakapita masiku awiri kapena atatu ogwira ntchito, onaninso kapena imbani foni kuti mutsimikize kuti pa mndandanda palibenso. Ndipo pa 27 ndi pa 28 yang'anani balansi.

Msampha wochotsa ndalama zonse

Ena amati njira yachidule ndiyo kutapa ndalama zonse mu akaunti kuti sitopu oda ipeze mopanda kanthu. Chonde musatero. Lamulo lija limakhalabe lamoyo. Mabanki ambiri amadula chindapusa malipiro akalephereka, ena amayesanso masiku otsatira, ndipo malipiro anu akangolowa ndalama ija imapita pomwe inu mwaiwala kale.

Kumbukiraninso kuti kuimitsa malipiro sikufafaniza ngongole. Ngati notisi ya nyumba simunaipereke monga mwa pangano lanu, eni nyumba adzakufunsanibe ndalamayo. Polise ya maliro mukasiya kuilipira imadzafa pakapita nthawi imene inalembedwa m'pangano, ndipo kwa ife amene nthawi zina timafuna kunyamula thupi mpaka kumudzi, imeneyi si nkhani yosewera nayo. Yambani mwalankhula ndi kampaniyo. Ngongole imene munatenga ku banki yomweyo siimitsidwa ndi kalata yotereyi, muyenera kukakhala pansi ndi a zangongole.

Ngati ndi cheke

Macheke asowa kwambiri m'Zimbabwe masiku ano, koma ngati banki yanu ikuwalandirabe ndipo mwalemba imodzi imene yatayika, yabedwa, kapena katundu amene munalipirira sanabwere, lamulo lili kumbali yanu. Bills of Exchange Act, Chapter 14:02, imanena kuti udindo ndi mphamvu za banki zolipira cheke zimatha mwini akaunti akailetsa. Kusiyana kwake ndi sitopu oda n'kwakuti cheke ilibe tsiku lodziwika. Woigwira akhoza kuipereka ku banki ola lililonse. Choncho imbani foni pomwepo, kenako thamangani mukalembe tsiku lomwelo. Fomu yofunika ndi ya `stop payment`. Onetsetsani mutu wake musanasaine, chifukwa ya `stop order` ndi yoyambitsa malipiro atsopano.

Chofunika kuposa zonse ndi nambala ya cheke, imene mungaipeze pa kachidutswa kotsala m'buku la macheke. Lembaninso deti, kuchuluka kwa ndalama, dzina la wolandira ndi chifukwa chake. Nambala ikalakwika ndi chiwerengero chimodzi chokha, banki imaimitsa cheke ina ndipo yeniyeniyo imalipidwa. Ngati yabedwa, kanenaninso kupolisi ndipo nambala ya mlandu muipereke ku banki. Cheke imene banki inalemba yokha m'dzina lake simungangoiletsa chifukwa mwasintha maganizo, pakuti limenelo ndi lonjezo la bankiyo.

Zikachitika kuti ndalama yapita kale

Ngati munachedwa ndinu, banki singalowe mu akaunti ya munthu wina n'kutengamo ndalama. Chimene ingachite ndi kutumiza pempho ku banki ya wolandirayo, ndipo kawirikawiri mwiniwake ayenera kuvomera kuti ibwezedwe. N'chimodzimodzi ndi ndalama yotumizidwa pa RTGS kapena ZIPIT. Pamenepo njira yachangu ndiyo kupita kwa eni nyumba aja mwaulemu, sitetimenti ili m'manja, n'kupempha kuti akubwezereni.

Koma ngati muli ndi kalata yodindidwa pa 11 Disembala ndipo ndalama yachokabe pa 27, lemberani manijala wa nthambi, mumatepo kope ya kalata ija ndi sitetimenti, ndipo mupemphe kuti abweze madola 180 pamodzi ndi zonse zimene anadula potumiza ndalamayo. Dandaulo limenelinso alidinde, akupatseni nambala yake. Nthambi ikakhala chete pitani ku likulu la bankiyo, ndipo kumenekonso zikakanika, kadandauleni ku Reserve Bank of Zimbabwe pa msewu wa Samora Machel, mutanyamula makope a makalata onse amene munalemba.