Malangizo: Wachinyamata Akanena Kuti Moyo Wamukwana

Malangizowa ndi a makolo, aphunzitsi ndi anamwino ochokera ku Zambia amene akukhala ku Mzuzu.

Mwana akayamba kunena kuti "palibe chimene ndikukhalira" kapena "posachedwa mupuma", musamukalipire. Mutengereni pambali, mumufunse mosapita m'mbali: "Mwanawe, kodi waganizapo zodzipha?" Funsoli silimupatsa maganizo amene analibe, ndipo ambiri mtima umakhalako pansi akafunsidwa.

Akavomera, funsani ngati wakonza kale njira, ngati chimene akufuna kugwiritsa ntchito chili pafupi, ngati wasankha tsiku, ndiponso ngati anayesapo kale. Amene anayesapo m'chaka chapitachi ali pangozi, ngakhale lero akuseka. Musalonjeze kumusungira chinsinsi. Muuzeni kuti mudzauza wamkulu mmodzi, ndipo asankhe yekha amene amamukhulupirira, chifukwa nthawi zina womuzunzayo amakhala wa m'nyumba momwemo.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 16 wochokera ku Lundazi, amene akukhala ndi azakhali ake ku Chibavi. Walephera mayeso, sakugona, wagawa zovala zake, ndipo wafunsa kumene kuli mankhwala oteteza chimanga ku anankafumbwe. Lero akuoneka wodekha. Kudekha kwadzidzidzi kotere kusakunyengeni, mwina watsimikiza mtima. Ameneyu asasiyidwe yekha, ngakhale usiku. Pitani naye tsiku lomwelo ku Mzuzu Central Hospital kapena kuchipatala cha matenda a maganizo cha St John of God. Ngati wamwa kale kanthu, musamusanzitse, musamupatse mkaka. Thamangani naye kuchipatala mutanyamula botolo lake.

Dongosolo lodzitetezera, lomwe ndi pepala la zimene angachite maganizo odzipha akabwera, lilembedwe ndi mwanayo, m'mawu ake, inu muzingomuthandiza. Choyamba alembe zizindikiro zoti zinthu zayamba kuipa, monga kudzitsekera m'chipinda. Kenako zimene angachite payekha kuti nthawi yovutayo idutse, komanso malo kapena anzake amene amamuiwalitsa. Alembenso akuluakulu awiri kapena atatu amene angawauze zoona, ndi manambala awo, dzina la chipatala, ndi nambala yaulere yothandiza ana ya 116. "Ndidzauza munthu wina" sikokwanira, pakhale dzina. Munthuyo adziwitsidwe kuti walembedwa.

Gawo lomaliza ndi la akuluakulu, ndipo ndi limene limaiwalika kawirikawiri. Mankhwala a mbewu, a makoswe, mapiritsi ndi zingwe zichotsedwe m'nyumba kapena zikhomeredwe, kiyi asunge munthu mmodzi. Maganizo odzipha nthawi zambiri amakula kwa kanthawi n'kutsika, choncho chowopsacho chikakhala patali mwana amapeza mpata wopulumuka.

Musamulumbiritse kuti sadzadzipha. Lumbiro lotere siliteteza munthu. Pepala la dongosolo lija alisunge yekha kapena alijambule pafoni, lina lisungidwe ndi azakhali. Muonaneninso naye pasanathe masiku atatu, muwerenge limodzi, ndipo chimene sichinathandize muchisinthe.