Momwe mungadziwire dziko la bogi ya sitima powerenga nambala yake

Ndimagwira ntchito pa depoti ina ya katundu kufupi ndi doko la Antwerp ku Beljiyamu kuno, ntchito yanga ndi kulemba mabogi omwe alowa ndi omwe atuluka, ndiye anzanga angapo omwe angoyamba kumene ganyu ngati yomweyi akhala akundifunsa kuti kodi umadziwa bwanji kuti bogi iyi ndi ya dziko lakuti pomwe onse amangooneka akuda bii ndi fumbi. Yankho lili mu nambala yomwe yalembedwa m'mbali mwa bogiyo. Ndinene kaye kuti izi ndi za njanji za ku Ulaya kuno ndi maiko ena oyandikira, mabogi omwe mumawaona pa Nkaya kapena pa Limbe sawerengedwa chonchi, Malawi alibe nambala pa mndandanda umenewu.

Choyamba pezani nambala yonse. Imakhala ya manambala 12 ndendende, dongosolo lake linachokera ku UIC, bungwe la makampani a njanji a maiko osiyanasiyana, m'zaka za m'ma 1960, masiku ano m'mapepala mumapeza akuitchula EVN. Mukawerenga n'kupeza 11 kapena 13 ndiye kuti mwadumpha ina kapena mwaphatikiza za kulemera kwa katundu zomwe zimalembedwa pafupi pomwepo, yambiraninso. Pa bogi ya katundu nthawi zambiri salemba mu mzere umodzi ayi, amasanjika chonchi (nambalayi ndangoipanga ngati chitsanzo):

```
31 RIV
80 D-DB
4556 217-6
Sgns
```

Pa pepala kapena pa kompyuta yomweyo imabwera ngati 31 80 4556 217-6. RIV ndi chizindikiro choti bogi ikuloledwa kuyenda m'maiko ena, Sgns ndi mtundu wa bogi m'zilembo. Usiku musadalire tochi ya foni, ine ndinagula tochi yovala pamutu ya mayuro 12 ndipo ikundithandiza mpaka lero, yotchipa ya mayuro 3 ija inafa itangonyowa kamodzi. Muzikhalanso ndi kansanza m'thumba poti 3 ndi 8 akadetsedwa ndi girisi amafanana kwambiri.

Chachiwiri, ndipo nkhani yonse yagona apa: dziko ndi nambala yachitatu ndi yachinayi. Osati ziwiri zoyambirira. Mu chitsanzo chathuchi dziko ndi 80, kutanthauza Jeremani. Pa bogi penipeni ndi mzere wachiwiri, womwe uli ndi zilembo pambali pake.

Apa ndipomwe ine zinandisokonekera ndiye ndikhalitsapo pang'ono. Nditangoyamba palibe yemwe anandikhazika pansi kundifotokozera, anangondipatsa fomu yokhala ndi kabokosi ka dziko. Masabata oyambirira mabogi ambiri omwe ndimalemba anali oyamba ndi 33 87. Ndiye mutu wanga unathamangira ku manambala oimbira foni, mukudziwa kuti Falansa ndi +33, ndinati basi 33 ndi Falansa, ndikulemba Falansa, ndipo palibe anadandaula chifukwa mabogiwo analidi a ku Falansa. Koma chomwe chimanena Falansa ndi 87 uja, 33 sakukhudzana ndi dziko olo pang'ono. Ndimapeza yankho lokhoza podzera njira yolakwika, ndipo vuto la zimenezi ndi loti sudziwa kuti ukulakwitsa.

Tsiku lina kunabwera bogi yonyamula makontena yoyamba ndi 31 80, chitsulo china chokolera kontena chitapindika, imafunika lipoti kuti eni ake auzidwe. Ine poona 31 ndinakumbuka +31 ya Holandi, ndipo poti Holandi ndi pafupi pomwepa sindinakaike, ndinalemba Holandi. Lipoti linapita kwa munthu wolakwika, iye anabweza patapita tsiku kuti bogiyo sakuidziwa, pofika poti zikonzeke bogi inali itakhala masiku atatu pa kanjanji kathu kapambali kakang'ono ikutsekereza ena. Akapitawo athu sanakalipe, ananditenga kupita pa bogi pomwepo, anaphimba mzere woyamba ndi dzanja lawo n'kundiuza kuti ndiwerenge chomwe chatsala pamwamba. Ndinawerenga 80 D-DB. Anati dziko ndi limenelo, D yo ndi yomwe ija imakhala pa nambala za galimoto za ku Jeremani. Mpaka pano ndikatopa ndimaphimbabe mzere woyamba ndi chala ndisanalembe.

Nanga ziwiri zoyambazo ndi zachani? Zimanena mtundu wa chinthucho ndi chilolezo chake choyendera m'maiko ena. 31 ndi 33 ndi mabogi a katundu ataliatali okhala pa timafulemu ta mateyala tokhota patokha, 21 ndi 23 ndi omwe ma ekiselo ake anamangiriridwa ku bogi kwenikweniko, ndipo kale 31 ndi 21 zimasonyeza a kampani ya njanji pomwe 33 ndi 23 zimasonyeza a makampani wamba. Nambala ikayamba ndi 5, 6 kapena 7 ndi bogi yokwera anthu, ikayamba ndi 9 ndi mutu wa sitima kapena sitima yoyenda yokha. Chomwe chimapusitsa anthu ndi choti manambala omwewa aliponso pa mndandanda wa maiko. 33 ngati dziko ndi Tchaina, 31 ndi Mongoliya, 51 ndi Polandi, 91 ndi Tuniziya. Ndiye munthu atha kutenga mndandanda wolondola bwinobwino, n'kuyang'ana malo olakwika, n'kumauza anzake kuti kwabwera bogi ya ku Tchaina, kapena kuti mutu wa sitima wa magetsi wolembedwa 91 80 ndi wa ku Tuniziya pomwe ndi wa ku Jeremani.

Chachitatu lowezani manambala a maiko ochepa okha omwe mumakumana nawo, musavutike ndi mndandanda wonse. Kwa ife kuno a tsiku ndi tsiku amayamba ndi 8: Jeremani 80, Ositiriya 81, Lukusembegi 82, Itale 83, Holandi 84, Switsalandi 85, Denimaki 86, Falansa 87, Beljiyamu 88. Oyamba ndi 5 ambiri ndi a chakum'mawa, Polandi 51, Romaniya 53, Tcheki 54, Hangale 55, Silovakiya 56. Kwa abale omwe muli ku Mangalande yanu ndi 70 ndi zilembo GB, ngakhale mabogi ambiri oyenda mkati momo okha ali ndi manambala awoawo afupiafupi. Ine ndinalemba pa kakatoni n'kumata kuseri kwa bolodi yolembera, patatha mwezi sindimayang'anaponso.

Za mndandanda ndichenjezeko. Mnzanga wina anagula ka PDF pa intaneti mayuro 5 kwa munthu yemwe amati ndi buku la manambala a njanji onse, titatsegula tinapeza 50 alemba kuti Jeremani wa kum'mawa, 72 Yugosilaviya, maiko oti kulibenso. Lero 72 ndi Sebiya ndipo 50 ikugwira ntchito ku Bosiniya. Musalipire kanthu, mndandanda wa maiko umapezeka ulere, ndipo wa zilembo za eni mabogi, womwe amautchula VKM, bungwe la njanji la European Union lotchedwa ERA limauika poyera ulerenso ndipo limaukonza pafupipafupi.

Ka PDF kaja sikanali kabodza kwenikweni, kanali kakale, ndipo chifukwa chake ndi chofunika kuchidziwa. Chisanafike chaka cha 2006 manambala awiriwa amaimira kampani ya njanji osati dziko, 80 inali ya DB ya ku Jeremani, 87 ya SNCF ya ku Falansa, ndipo makampani ena anali ndi nambala zawozawo ngakhale ali m'dziko lomwe lili kale ndi ina, monga 63 ya BLS ku Switsalandi ndi 68 ya AAE, kampani yobwereketsa mabogi. Makampani oyendetsa sitima atachuluka anasintha kuti nambala izinena dziko, ndipo kampani izidziwika ndi zilembo zotsatira kamzere. Mu D-DB, D ndi dziko, DB ndi wosunga bogiyo. Ndiye nambala ndi chilembo zizigwirizana, 80 ndi D, 88 ndi B, 85 ndi CH, 84 ndi NL. Mukaona 84 pambali pali D, musalembe, pukutani muonenso chifukwa pali chomwe mwawerenga molakwa.

Ndipo dzikolo ndi komwe bogi inalembetsedwa basi. Silikuuzani komwe katundu wachokera, komwe bogi inapangidwa, kapena komwe ikupita. Bogi ya 85 itha kutha chaka ikuyenda pakati pa Antwerp ndi Itale. Pa lipoti la kuonongeka chomwe chikufikitseni kwa munthu woyenera ndi zilembo za VKM zija, dziko limangokuuzani kaundula yemwe bogiyo ilimo.

Chachinayi, ngati mukukaika kuti mwina mwawerenga 80 pomwe ndi 86 kapena 88, gwiritsani ntchito nambala yomaliza ija ya pambuyo pa kamzere. Tengani manambala 11 oyamba, chulukitsani woyamba ndi 2, wachiwiri ndi 1, wachitatu ndi 2, choncho mpaka kumapeto. Yankho likakhala la manambala awiri muwaphatikize, 16 akhala 7, 10 akhala 1.

```
3 1  8 0 4 5  5 6 2 1  7
2 1  2 1 2 1  2 1 2 1  2
6 1 16 0 8 5 10 6 4 1 14
6+1+7+0+8+5+1+6+4+1+5 = 44
```

Kuchoka pa 44 kufika pa 50 pasowa 6, ndipo pa bogi palembedwadi 6, ndiye nambala ili bwino. Mukanawerenga 86 zonse zikanakwana 50 ndipo yomaliza ikanayenera kukhala 0, mukanawerenga 88 zikanakwana 52 yomaliza 8, zonsezi sizikugwirizana ndi 6. Imagwiranso mukatembenuza 87 kukhala 78, zomwe zikanasandutsa bogi ya ku Falansa kukhala ya ku Kuroweshiya. Chomwe singagwire ndi kutembenuza 09 ndi 90, komanso singakuuzeni kuti mwatenga 31 ngati dziko, poti nambala yanga tsiku lija inali yolondola yonse, cholakwika chinali malo omwe ndimayang'ana. Makompyuta ambiri a m'madepoti amawerengera okha samuyi, mukalowetsa yolakwika amakana.

Otsalawo mwachidule. Yachisanu mpaka yachisanu ndi chitatu ndi mtundu wa bogi, ndipo yachisanu yokhayo imakuuzani zambiri, 7 ndi thanki, 5 ndi yotsegula pamwamba wamba, 4 ndi yafulati yapadera ngati ya makontena ija. Atatu otsatirawo ndi nambala ya bogiyo pakati pa anzake ofanana. Ngati penti yafufutika mbali imodzi zungulirani mbali inayo, nambala imalembedwa mbali zonse ziwiri, koma osadutsa pansi kapena pakati pa mabogi, zungulirani kumapeto kwa mzere.